Chilombo cha Frankenstein chikuimira mantha ati? Kuyerekeza njira zinayi zochimvetsera

Funsani anthu khumi kuti nkhani ya Frankenstein imaphunzitsa chiyani, ambiri akuyankhani kuti imachenjeza asayansi kuti asamaseweretse ntchito ya Mulungu. Yankho limeneli si labodza, koma mwa njira zinayi zomwe anthu ophunzira za mabuku akhala akuwerengera chilombochi, ndi lomwe lili ndi umboni wochepa kwambiri m'buku lenilenilo. Njira zinazo zimati chilombocho ndi mwana wokanidwa ndi kholo, kapena ndi khwimbi la anthu osauka lomwe olemera amaliopa, kapena ndi kapolo yemwe mbuye wake akuopa kumumasula. Zonsezi zili ndi pogwira, ndipo zonsezi zili ndi pomwe zimaterereka.

Tiyambe taika nkhani yake poyera, chifukwa ambiri timaidziwa kudzera m'mafilimu. Mary Shelley anayamba kulemba bukuli mu 1816 ali ndi zaka 18, ali pafupi ndi nyanja ya Geneva ku Switzerland, ndipo linatuluka ku London mu Januwale 1818 lopanda dzina la mlembi. Victor Frankenstein ndi mnyamata wa ku Geneva yemwe akuphunzira payunivesite ya Ingolstadt. Akutolera ziwalo kumanda, m'zipinda zong'ambira mitembo ndi kophera nyama, n'kuumba munthu wamtali pafupifupi mamita awiri ndi theka. Usiku wina wa mu Novembala chinthucho chikutsegula diso, Victor akuchita nacho nseru, akuthawa. Cholengedwacho chilibe dzina. Chikuphunzira chokha kulankhula ndi kuwerenga, chikukanidwa paliponse, kenako chikuyamba kupha abale ndi anzake a mlengi wake mmodzimmodzi.

Poyesa njira iliyonse ndikugwiritsa mafunso awiri. Loyamba: akuopa ndani, nanga akuopa chiyani? Lachiwiri: kodi njirayo ikufuna kuti chilombocho chikhale chete kuti iyende bwino? Funso lachiwirili ndi lofunika chifukwa pakati penipeni pa bukuli pali mitu ingapo momwe cholengedwacho chikufotokoza chokha mbiri yake, ndipo chikulankhula mwanzeru kuposa aliyense. Kumasulira kulikonse komwe kukudumpha mitu imeneyi kukumasulira filimu, osati buku.

Njira yoyamba: mantha a sayansi

Apa mbiri ya nthawiyo ikuthandiza kwambiri. Mu 1791 Luigi Galvani wa ku Bologna anafalitsa zomwe anapeza zoti mwendo wa chule wakufa umaphiriphitha ukakhudzidwa ndi magetsi. Mu Januwale 1803 mphwake Giovanni Aldini anachita zomwezo ku London, koma pamtembo wa munthu yemwe anali atangonyongedwa kundende ya Newgate. Nsagwada zinanjenjemera, diso limodzi linatseguka, anthu oonerera n'kumaganiza kuti wakufayo akudzuka. Pa nthawiyo lamulo la 1752 linkalola madokotala kung'amba mitembo ya anthu opha anzawo, koma mitembo yotere inali yochepa, choncho panabuka malonda ofukula manda usiku. Amene ankafukulidwa kwambiri anali amphawi, chifukwa manda awo anali osalondera. Munthu wa ku England wa 1818 akamawerenga za mnyamata wofukula manda kuti apeze ziwalo sankaona ngati nthano ayi. Mary Shelley mwiniwake, m'mawu oyamba a buku lokonzedwanso la 1831, anatchula za magetsi a Galvani ngati chimodzi mwa zomwe ankakambirana ku Geneva.

Vuto lake n'lakuti labotale yomwe tonse timaidziwa, ya mphezi ndi makina othetheka moto, m'bukumo mulibe. Kulengedwa kwa chilombo kukutenga mizere yochepa chabe, ndipo Victor akukana dala kuulula njira yake. Komanso ntchito yakeyo siinalephere. Anafuna kupatsa moyo chinthu chakufa, ndipo zinatheka: chinthucho chinatuluka champhamvu, chanzeru, chamtima wabwino, chodya zipatso zam'tchire osati nyama. Chomwe Victor akudandaula usiku umenewo ndi maonekedwe okha, khungu lachikasu ndi maso otuwa amadzimadzi. Ngakhale ali pafupi kufa, m'ngalawa ya Walton, mkulu wa ngalawa yemwe wamupulumutsa kumadzi oundana akumpoto, akuchenjeza Walton za kufunitsa ulemerero, koma pomwepo akunenanso kuti mwina wina adzapambana pomwe iye walephera. Munthu wolapa za sayansi salankhula choncho.

Njira imeneyi imagwira bwino mukamakamba za moyo wa nkhaniyi itachoka m'manja mwa mlembi. Dzina la Frankenstein lakhala likumatidwa pa bomba la atomu, pa ana opangidwira m'botolo, ndi pa mbewu zosinthidwa ku labotale. Kuno kwathu tinazionera pafupi pa njala ya 2002, pomwe boma la Zambia pansi pa Levy Mwanawasa linakana chimanga chathandizo chosinthidwa, pamene Malawi anachilandira ponena kuti chiyambe chagayidwa kuti anthu asachidzale. Mantha a chinthu chopangidwa chomwe chingathawe m'manja n'kuyamba kuberekana chokha ndi omwewo. Ngati mukulemba za mmene anthu amaonera sayansi, tengani njira iyi. Ngati mukulemba za buku la 1818, ikuthandizani pa mitu yoyambirira yokha.

Njira yachiwiri: mwana wokanidwa

Iyi inatchuka m'zaka za m'ma 1970 kudzera mwa katswiri wa za mabuku Ellen Moers, yemwe anati bukuli ndi nkhani ya kubereka, ndipo choopsa chake chili pa zomwe zimachitika mwana akabadwa. Moyo wa mlembi ukuvomereza. Mayi ake, Mary Wollstonecraft, anamwalira mu Seputembala 1797 patangopita masiku owerengeka atamubereka. Mwana woyamba wa Mary anabadwa osakwana masiku mu Febuluwale 1815 ndipo sanakhalitse. Patapita masiku angapo Mary analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti analota khandalo litatsitsimuka atalisisita pafupi ndi moto. Pomwe amayamba kulemba za Victor n'kuti ali ndi khanda lina m'manja, dzina lake William, lomwenso ndi dzina la mwana woyamba kuphedwa ndi chilombo m'nkhaniyi.

Koma sitifunika kudalira mbiri ya mlembi. Onani usiku wa kulengedwa uja mwapafupi. Victor wathawira kuchipinda chake chogona, wagona, wadzidzimuka, akupeza cholengedwacho chatsegula nsalu yotchinga bedi, chikumuyang'ana, chikutulutsa timawu tosamveka, masaya akuchita ngati kumwetulira, dzanja latambasuka. Victor akuti chimafuna kumugwira. Wowerenga aliyense amene analerapo mwana akuona china. Victor akuthawira pabwalo, ndipo mmawa atabwerera n'kupeza chinthucho chapita, akuwomba m'manja mokondwa. Safunsa kuti chalowera kuti, chidya chiyani, chikumana ndi ndani.

Zomwe zikutsatira ndi maphunziro a mwana wopanda womulera. Chikubisala m'kachisakasa komata kunyumba ya banja losauka la De Lacey, n'kumasuzumira pakampata. Chikazindikira kuti chakudya chomwe chimaba chikuwasowetsa, chikusiya kuba, n'kuyamba kuwatolera nkhuni usiku. Chikuphunzira chilankhulo pomvetsera mmene Felix, mnyamata wa m'banjamo, akuphunzitsira Safie, mlendo wawo. Tsiku lomwe chikudziulula chikusankha nthawi yomwe mkulu wakhungu ali yekha, ndipo mkuluyo akuchilandira ngati munthu aliyense wovutika, chifukwa akungomva mawu. Ana ake atalowa n'kuona nkhope, Agatha akukomoka, Safie akuthawa, Felix akuchimenya ndi ndodo. Pambuyo pake chikupulumutsa kamtsikana komira mumtsinje, malipiro ake n'kuwomberedwa ndi mfuti. Kupha kukuyamba zonsezi zitachitika.

Njira iyi ikupambana funso lachiwiri lija mosavuta, chifukwa imadya mawu a cholengedwacho ngati chakudya chake. Kufooka kwake kuli pawiri. Ikhoza kutinyengerera kuti tichikhululukire chilichonse, pamene chinapha mwana wosalakwa ndi manja, n'kuika dala kachithunzi komwe mwanayo anavala m'chovala cha Justine kuti wantchito wosalakwayo anyongedwe. Chinkadziwa zomwe chikuchita, ndipo chikuvomereza chokha. Chachiwiri, imachepetsa nkhani kukhala ya pabanja limodzi, pamene anthu onse omwe anachigenda ndi kuchithamangitsa sanali makolo ake. Pamenepo mpamene njira yachitatu imalowera.

Njira yachitatu: khwimbi la osauka

Mary Shelley anabadwira m'banja lomwe linali mkati mwa mkangano wa kuukira kwa ku France kwa 1789. Bambo ake, William Godwin, ankaphunzitsa kuti munthu amaipa chifukwa cha mmene dziko lamuchitira, osati chibadwa, ndipo bukuli analipereka kwa iwowo. Otsutsa kuukirako ankakonda kunena kuti anthu wamba akapatsidwa mphamvu amasanduka chilombo chodya amene anachidzutsa. Ku England komweko, kuyambira 1811 mpaka 1816, owomba nsalu otchedwa Aluditi ankaphwanya makina omwe ankawalanda ntchito. Mu 1812 Nyumba ya Malamulo inaika chilango cha imfa pa mlandu wophwanya makina, ndipo mmodzi mwa omwe anatsutsa lamulolo anali wolemba ndakatulo Lord Byron, yemwe patapita zaka zinayi anali naye Mary ku Geneva kuja.

Katswiri wa za mabuku Franco Moretti ndi ena amati cholengedwacho n'chithunzi cha antchito: chalumikizidwa kuchokera ku matupi ambiri a anthu osadziwika, chilibe dzina, chilibe chuma, n'champhamvu kuposa mwini wake, ndipo chinapangidwa ndi munthu wa m'banja lolemera yemwe sakufuna kuchionanso. Umboni wabwino uli pomwe chikumvetsera Felix akuwerengera Safie mbiri ya maufumu. Chikuphunzira kuti anthu amalemekeza fuko lapamwamba ndi chuma, ndipo wopanda ziwirizi amatengedwa ngati kapolo wogwirira ntchito ochepa. Chikudzifunsa kuti nanga ine ndine ndani, wopanda ndalama, wopanda mnzanga, wopanda kanthu.

Ojambula makatuni a nthawi ya Mfumukazi Victoria anaimva chonchi ndithu, koma ali mbali ya olemera. Magazini ya Punch inajambula wantchito wa ku Birmingham ngati chimphona choopsa mu 1866, pomwe antchito ankafuna ufulu wovota, ndipo mu 1882 inajambula Mwairishi ngati chilombo chogwira mpeni. Zonsezi zinkatchedwa Frankenstein. Chenjezo lake linali lopita kwa andale: mukadzutsa anthuwa, adzakudyani inu nomwe.

Pomwe njira iyi imatsimphina ndi apa: khwimbi ndi anthu ambiri, pamene tsoka lonse la cholengedwachi ndi kukhala chokha. Sichigwira ntchito kwa Victor, sichilandira malipiro, sichipempha munda kapena voti. Ndipo omwe akuchithamangitsa ndi miyala m'mudzi ndi amphawi anzake. Ndiye ngati chikuimira osauka, chikuimira osauka monga momwe wolemera amawaonera m'maloto oipa, osati monga momwe amakhalira.

Njira yachinayi: kapolo

Iyi ili ndi umboni umodzi wolimba wochokera kunja kwa buku. Mu Malichi 1824 George Canning, nduna ya Britain yoona zakunja, analankhula m'Nyumba ya Malamulo za akapolo a kuzilumba za Caribbean. Britain inali italetsa malonda a akapolo mu 1807, koma ukapolo weniweniwo unadikira lamulo la 1833. Canning ankati akapolo asamasulidwe msanga, ndipo anayerekeza kumasula munthu wakuda ndi kudzutsa cholengedwa cha m'buku lina laposachedwa, chathupi la munthu wamkulu koma nzeru za mwana. Aliyense anadziwa buku lomwe amanena. Kuukira kwa akapolo ku Haiti, kwa 1791 mpaka 1804, kunali kudakali m'mitu ya azungu.

Chodabwitsa n'chakuti fanizo la Canning likuyenda pokhapokha mutachotsa zomwe zili m'bukumo. Cholengedwa cha Mary Shelley chilibe nzeru za mwana. Chinawerenga mabuku a Plutarch, Milton ndi Goethe chokha, ndipo pokangana ndi Victor chimamugonjetsa. Canning anachitseka pakamwa kuti chimuthandize, monga momwe ankatsekera pakamwa anthu omwe ankawanenawo. Choncho njira iyi ili pawiri. Imatiuza zambiri za mmene atsamunda anagwiritsira nkhaniyi, ndipo imatilola kuiwerenga mobwezera, ngati mawu a munthu yemwe akuweruzidwa ndi khungu asanatsegule pakamwa. Koma cholengedwacho sichinagulidwe, sichinamangidwe unyolo, sichinagwiritsidwe ntchito. Kapolo vuto lake n'lakuti mbuye sakufuna kumutaya. Ichi vuto lake n'lakuti chinatayidwa.

Zonse zinayi pamalo amodzi: chilumba cha ku Orkney

Njira yabwino yoziyesera ndi kuziika pachochitika chimodzi. Cholengedwacho chapempha chinthu chimodzi chokha, mkazi wofanana nacho, ndipo chalonjeza kuti awiriwo akakhala kunkhalango za ku South America osaonananso ndi munthu. Victor wavomera, wapita kukachilumba kouma kumpoto kwa Scotland, wayamba ntchito. Atatsala pang'ono kumaliza akukhala pansi n'kuyamba kuganiza. Bwanji mkaziyo akadzakhala woipa kuposa mwamunayo? Bwanji akadzakana pangano lomwe linapangidwa iye asanakhalepo? Bwanji akadzanyansidwa ndi mnzakeyo n'kukonda anthu? Ndipo bwanji akadzabereka ana, n'kuyambitsa mtundu watsopano womwe ungadzawononge anthu? Akukweza maso, akuona cholengedwacho chikusuzumira pawindo, ndipo pomwepo akukhadzula thupi la mkaziyo icho chikuona. Zidutswa akuziika m'dengu ndi miyala, n'kukamiza m'nyanja usiku.

Wa njira ya sayansi anena kuti apa Victor wachita bwino kwa nthawi yoyamba, waganizira zotsatira asanamalize ntchito. N'zoona ndithu, ndipo ndi pamalo pomwe njirayi ili ndi mphamvu kuposa pena paliponse. Koma munthu wodziwa kulumikiza mitsempha ndi mafupa akanatha kumupanga mkaziyo osabereka, ndipo Victor sakuziganizira n'komwe. Zikuonetsa kuti si nzeru za sayansi zomwe zikumutsogolera.

Wa njira ya khwimbi ndi wa njira ya kapolo apa akugwirizana, ndipo akupambana. Choopsa kwa Victor si chilombo chimodzi, chomwe wachilekerera kwa zaka. Choopsa ndi awiri, chifukwa awiri amasanduka mtundu, ndipo mtundu umafuna dziko. Mantha akuti iwo achuluka, atiposa, atilanda malo ndi omwe anali m'mutu mwa eni minda ya nzimbe ndi eni mafakitale. Cholengedwacho chitalowa m'chipindamo chikumutchula Victor kuti kapolo, n'kumuuza kuti ngakhale ndiye anachilenga, mbuye tsopano ndi icho. Dziko latembenuka, zomwe Canning ankaopa zija.

Wa njira ya mwana wokanidwa akuona kukanidwa kwachiwiri, kowawa kuposa koyamba chifukwa panali lonjezo. Akuonanso kuti zitatu mwa zinayi zomwe Victor akuopa zikukhudza mkazi wokhala ndi maganizo akeake ndi thupi lobereka lomwe iye sangalilamulire. Ndipo njira iyi yokha ndi yomwe ikufotokoza kubwezera komwe kukutsatira. Cholengedwacho sichikuotcha mizinda kapena kusonkhanitsa gulu. Chikupha Clerval, mnzake wapamtima wa Victor, kenako Elizabeth, mkazi wa Victor, usiku wa ukwati wawo. Wandimana mkazi, nawenso ukhale wopanda.

Kodi yoyamba ija inapambana bwanji?

Yankho lili pa zisudzo. Mu 1823 Richard Brinsley Peake anaika nkhaniyi pabwalo la zisudzo ku London, ndipo cholengedwacho anachisandutsa chosalankhula. Filimu ya James Whale ya 1931, momwe Boris Karloff anasewera chilombo, inatsatira zomwezo n'kuonjezera china chomwe m'buku mulibiretu. Wothandiza wa Frankenstein watumidwa kukaba ubongo kuyunivesite, wagwetsa botolo la ubongo wabwino, ndiye watenga wa chigawenga. Ndi kachidutswa kamodzi kameneko nkhani yonse yagudubuzika: chilombo chikuipa chifukwa cha chomwe chili m'mutu mwake, osati chifukwa cha zomwe anachichita. Zimenezi zinkagwirizana ndi America wa nthawiyo, komwe mu 1927 Khoti Lalikulu linavomereza kuti boma litha kutseka kubereka mokakamiza anthu omwe linkawaona ngati a nzeru zoperewera. Karloff, tinene zoona, anasewera mwachifundo moti anthu ambiri amachimvera chisoni chilombocho, makamaka pomwe chikusewera maluwa ndi kamtsikana m'mphepete mwa nyanja. Koma chinthu chosalankhula sichingadzinenere mlandu, ndipo chomwe chimatsala m'maso ndi makina ndi mphezi.

Mukafuna kusankha, yang'anani chomwe chili patsogolo panu. Pa filimu ya 1931 ndi zambiri zotsatira, njira ya sayansi ikukwanira, bola muonjezerepo mantha a chibadwa choipa. Pa makatuni ndi zolankhula za andale a zaka za m'ma 1800, gwiritsani njira ya khwimbi ndi ya kapolo, ndipo muzikumbukira kuti mukuwerenga mantha a wojambulayo. Pa buku la 1818 ine ndingayambire pa mwana wokanidwa, chifukwa ndi njira yokhayo yomwe ikuyenda kuchokera usiku wa ku Ingolstadt mpaka m'ngalawa ya Walton, pomwe cholengedwacho chikupezeka chikulira pamtembo wa Victor. Ndikafika ku Orkney ndingaisiye kaye n'kutenga ya khwimbi ndi ya kapolo, chifukwa mutu umenewo njira ya mwana payokha siyiumaliza.